Iwe Ameneyu Ndani?

Ntchito yanga ndi kumvera anthu akukangana. Ndimataipa kukhoti, m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kamene zenera lake linakana kutseguka ine ndisanayambe n'komwe ntchito. Milandu amaijambula mawu m'chipinda choweruzira, kenako n'kunditumizira ine kuti ndiike papepala. Ndimavala mahedifoni, phazi lili pa chopondera. Ndikaponda mbali ina mawu amayenda, ndikaponda mbali inayo amabwerera m'mbuyo. Ndachita zimenezi zaka khumi ndi zinayi, ndipo palibe chiganizo chimene ndimachilemba ndisanachimve katatu.

Mawu akuluakulu a maloya sandivuta. Amene ndimadana nawo ndi timawu tating'onoting'ono: apa, apo, uyu, ichi, lero. Mboni imaimirira n'kunena ndi mtima wonse kuti, "Anandimenya apa, ine nditaima apo, uyu akungoonerera." M'chipindamo aliyense wamva, chifukwa aona chala. Ine chalacho sindichiona. Apa pake ndi pamutu kapena pabondo? Uyu wake ndi wapolisi kapena apongozi? Woweruza wodziwa ntchito amanena mokweza kuti, "Zilembedwe kuti mboni yaloza phewa lamanzere." Waulesi amangoti, "Mhm," n'kundisiyira ine mutu ukuwawa. Anzanga amadziwa kuti ndikayamba kutukwana kompyuta ndiye kuti mboni ina yalozanso.

Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kukula kwa uchitsiru wanga.

Bambo anga ndi kalipentala. Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene amene amandiposa zaka zisanu. Mayi anatisiya kalekale. Achimwene anakulira m'shedi ya bambo, utuchi uli m'tsitsi, mpaka chaka chatha pamene awiriwa anayambana. Chimene chinachitika sindinachidziwe bwino. Bambo anangobwera kwanga tsiku lina, n'kuponya makiyi patebulo, a shedi ndi a nyumba yawo, n'kuti, "Sunga. Za mlongo wakoyo usandifunse." Ine sindinafunse. Kunena zoona ndinakondwera pang'ono, poti kuyambira ubwana ine ndinali wa mabuku chabe, wosadziwa kugwira hamala.

Lachiwiri lina m'mawa bambo anagwa pafupi ndi benchi yawo. Anali sitiroko. Anagona m'chipatala milungu iwiri, mkono wamanja utafooka, pakamwa patakhota, mawu osatuluka. Adokotala anati akumva zonse, koma lilime lidzatenga nthawi. Achimwene, amene kwa miyezi khumi sanaonetse nkhope, anatulukira tsiku lachiwiri atanyamula bulangete latsopano. Ankabwera m'mawa ndi masana, akuwapukuta bambo pakamwa anesi akuona. Ine ndinkangoyang'ana, mtima ukuwira.

Tsiku lotuluka m'chipatala tinakangana pambali pa bedi.

"Bambo akupita kwanga," anatero achimwene. "Kwako kuja masitepe makumi atatu. Uziwabereka kumsana?"

"Lero mwakumbukira kuti muli ndi bambo?"

"Iwe umachoka m'mawa, kubwera dzuwa litalowa. Kwanga kuli alamu ako tsiku lonse. Ukufuna azikhala ndi ndani, ndi mphaka wako?"

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinakweza mawu mpaka odwala a mabedi ena anadzutsa mitu.

"Atengeni! Ine ndatopa nawo makani a banja lino, kuyambira mwini wake wagona apayu!"

Bambo anali atatseka maso. Chikope chimodzi chinagwedezeka. Ndinanyamula chikwama changa n'kutuluka osatsanzika.

M'mawa mwake, ndili m'basi popita kuntchito, foni inalira. Achimwene anali atalemba kuti, "Mvera wekha zimene anena bambo." Pansi pake panali uthenga wa mawu wa masekondi makumi awiri. Ndinaika foni kukhutu, injini ikubangula, kondakitala akukangana ndi munthu wa katundu. Anali mawu a bambo enieni, aja amene amatuluka ngati akuchokera m'mgolo.

"Iwe, mvetsetsa. Zimene wandichita dzulozi zandikwana. Kuyambira lero usadzapondenso kuno. Makiyi awo ubweze lero lomwe. Sindikufuna kukuona. Wamva?"

Ndinamva. Ndinamva kamodzi kokha, ine amene ndimamvera chifuwa cha mboni katatu ndisanalembe kuti yatsokomola. Zonse zinandikwana ngati nsapato yanga. Dzulo ndinali nditawanyoza. Makiyi anali m'chikwama changa. Kuno ndinati ndi kunyumba kwa achimwene kumene bambo anagona. Iwe ndinali ine, nanga foni inali ya ndani? Ndinalira m'basi monsemo, mayi wina wosamudziwa akundisisita msana. Mkati mwa kulirako ndinkathokozanso kuti lilime la bambo lamasuka msanga chotere, ngakhale lamasukira ine.

Makiyi achimwene anabwera kudzatenga okha masana pa geti la khoti. Nkhope anali ataigwetsa ngati munthu wobwera kudzapepesa maliro.

"Uwapatse nthawi, chemwali," anatero akuponya makiyiwo m'thumba. "Ukuwadziwa bambo. Mtima ukakhala pansi ndikuuza."

Panapita milungu isanu ndi umodzi. Ndinkawaimbira foni achimwene Loweruka lililonse, ndipo yankho linali limodzi: bambo ali bwino, akudya, koma dzina lako lisamveke. Kangapo ndinavala nsapato kuti ndingopita, zivute zitani. Koma ndine mwana wa bambo anga, makani ndinatengera komweko. Ndinkati munthu wandithamangitsa ndi pakamwa pake, andiitanenso ndi pakamwa pomwepo. Uthengawo sindinaufufute, komanso sindinautsegulenso. Unangokhala m'foni ngati munga m'chidendene.

Chinandidzutsa ndi mlandu wa anthu ena, wopanda pake n'komwe. Mayi wina wogulitsa nsalu anasumira mnansi wake kuti akumuopseza, ndipo umboni wake unali uthenga wa mawu. Anausewera m'khoti, ine n'kuumva m'mahedifoni patapita masiku atatu. Mwamuna wina ankakalipa kuti, "Iwe, ndikakupeza pano mawa, uona!"

Woweruza wa tsikulo anali mayi amene tonse timamutcha Lumo, koma mobisa.

"Iwe ameneyu ndani?" anafunsa Lumo.

"Ndine," anatero mayi wansalu.

"Mwadziwa bwanji?"

"Unabwera pa foni yanga."

"Kuchokera kwa wolankhulayo?"

"Ayi. Anandipatsira mlamu wake."

"Ndiye mawuwa sanayambire kwa inu. Pamene bamboyu ankalankhula, ankalankhula ndi ndani? Pano pake ndi pati, pamsika kapena pakhomo pake? Mawa lake linali liti, mlungu watha kapena chaka chatha? Tsiku limene likuoneka pa foni yanuyo ndi limene mlamuyo anakutumizirani, osati limene mawuwa analankhulidwa."

"Koma akunena kuti iwe."

"Amayi, ine ndikati iwe, ndi amene ndikulankhula naye. Inu mukati iwe, ndi wina. Timawu timeneti tilibe mwini. Timadalira amene watsegula pakamwa, pamene waima, ndi tsiku limene walankhula. Mukatinyamula kupita nato kwina timakhala ngati jekete la pa msomali, aliyense wolivala amati ndi lake. Sindikunena kuti si inu. Ndikunena kuti bweretsani mlamuyo atiuze kumene anawatenga mawuwa."

Phazi langa linachoka lokha pa chopondera. Manja anaima pa kiyibodi. Mnzanga wa m'chipindamo, kalaliki amene timamutcha Sitampa, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Lero sutukwana? Wadwala?"

"Pita ukamwe tiyi," ndinatero.

"Ndamwa kale."

"Ukamwenso."

Atatuluka ndinalumikiza foni yanga ku kompyuta, n'kuika uthenga wa bambo m'makina omwewo amene ndimamvera mbava ndi mboni zonama. Ndinavala mahedifoni. Phazi linkadziwa ntchito yake.

Ulendo woyamba ndinangomva ululu womwe uja. Wachiwiri ndinamva mawuwo pawokha: amphamvu, osakhota, chilembo chilichonse chili m'malo mwake. Munthu amene dzulo lake sankatha kupempha madzi angalankhule chonchi? Wachitatu ndinasiya kumvera bambo, n'kumvera za kumbuyo kwawo, monga ndimachitira ndikafuna kudziwa amene wadula mnzake mawu m'khoti. Kunali phokoso lopitirira, lokhala ndi kulira kobwerezabwereza. Ndinalidziwa nthawi yomweyo. Anali makina opalira matabwa a bambo, amene lamba wake amalira ngati mwana wa galu. Kuchipinda chogona cha achimwene kulibe makina opalira matabwa.

Ndinakweza voliyumu mpaka pamapeto, n'kubwereza masekondi awiri omaliza, pamene bambo amaliza kunena kuti "Wamva?" Wina anatsokomola chapatali, chifuwa chouma cha munthu wosuta, n'kunena kuti, "Bwana, guluu uja watha."

Anali a Fodya, mkulu amene anagwira ntchito ndi bambo zaka makumi atatu. A Fodya tinawaika m'manda miyezi isanu ndi inayi bambo asanagwe, ndipo bokosi lawo anakhoma ndi bambo omwe.

Ndinavula mahedifoni bwinobwino n'kuwaika patebulo. Kuno kunali kushedi. Dzulo linali la chaka chatha. Makiyi anali omwe aja amene bambo anabwera kudzandiponyera patebulo atawalanda. Ndipo iwe sanali ine. Ndinachita manyazi kuposa mkwiyo, koma mkwiyowo sunachedwe kufika.

Sitampa anabwerera ndi kapu m'manja n'kundipeza ndikutseka kabati.

"Mabwana akandifunsa ndinene kuti uli kuti?"

"Uwauze kuti ndili kuno," ndinatero. "Adzifufuzire okha."

Ndinakwera mabasi awiri, dzuwa lili pamutu. Sindinapite kunyumba kwa achimwene kaye, chifukwa ndinkadziwa kumene ndikawapeze. Shedi ya bambo ili kuseri kwa malo ogulitsira matayala, ndipo phokoso la makina aja ndinayamba kulimva ndili pamsewu. Pachitseko panali loko watsopano wonyezimira. Mkati achimwene anali atavala epuloni ya bambo, ija yachikopa yong'ambika thumba, akuonetsa kasitomala wina mafelemu a mawindo.

Ndinapita kukhoma n'kuzimitsa makinawo. Ndimadziwa pozimitsira, ngakhale amati sindidziwa kanthu.

"Wapenga?" anatero achimwene. "Ukufuna chiyani kuno?"

Ndinaika foni pa benchi ya bambo, n'kuitembenuza kuti iyang'ane iwo, n'kudina. Mawu a bambo anadzaza shedi yonse.

"Iwe, mvetsetsa. Zimene wandichita dzulozi zandikwana. Kuyambira lero usadzapondenso kuno."

Kasitomala uja anayang'ana foni, anayang'ana achimwene, n'kunena kuti abweranso tsiku lina. Anatuluka chammbali ngati nkhanu.

"Mawuwa afika kwawo tsopano," ndinatero. "Mukuwamva mmene akukhalira bwino muno? Kuno ndi kuno. Makina ndi awa. Kwatsala a Fodya okha kuti atiuze za guluu."

Achimwene anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono. Sanachite mantha, ndipo zimenezo zinandiwawa.

"Ndinanama pati?" anafunsa. "Tsegula foniyo uwerenge. Ndinati mvera zimene anena bambo. Mawuwo si a bambo? Ndinawonjezerapo kanthu? Ndinachotsapo kanthu?"

"Munachotsapo chaka chathunthu."

"Dzina lako mulibe m'menemo. Unadziikamo wekha. Munthu wosalakwa akanabwera tsiku lomwelo kudzafunsa. Iwe unathamanga kubweza makiyi chifukwa umadziwa zimene unanena kuchipatala."

"Iwe!"

Chibadwire ndinali ndisanawatchulepo achimwene kuti iwe. Liwulo linatuluka lokha, ndipo tonse tinalimva likugwa pakati pathu ngati hamala.

"Iwe ndi amene anakuthamangitsa! Iwe, wavala epuloni ya eni akewe! Unatenga chitonzo chako n'kundiveka ine, bambo ali chigonere osatha kudziyankhira!"

"Eya, nditchule choncho," anatero, mawu atatsika. "Waphunzira kwa mwini wake. Zaka makumi awiri ndili muno, chemwali. Zala izi uziwerenge, chimodzi chinatsalira m'makina awo. Tsiku limodzi ndinabwera nditamwa, ndinadula zitseko za anthu mokhota, a Fodya atandidzudzula ndinawakankha. Ndinalakwa, sindikana. Koma tsiku limodzi! M'mawa mwake sanandiitane n'komwe kuti tikhale pansi. Ananditumizira zimenezo pa foni ngati akuthamangitsa waganyu. Makiyi n'kukapereka kwa mayi wotaipa amene sadziwa kusiyana kwa sowo ndi tchizulo."

"Ndiye ine ndinakulakwira chiyani?"

"Unalandira makiyi. Sunafunse n'komwe kuti mlongo wanga ali kuti, akudya chiyani. Miyezi khumi ndinkamvera mawu amenewo ndekha, m'mawa uliwonse. Ndinati nawenso ulaweko. Iwe milungu isanu ndi umodzi yokha wayamba kale kuzimitsa makina a anthu."

Ndinafuna kumugenda ndi chilichonse chimene chinali pafupi. Pa benchi panali chitini cha guluu, ndipo ndinachigwiradi. Chinandiletsa si ulemu ayi, koma kuti zina mwa zimene ananenazo zinali zoona.

"Bambo akudziwa zimenezi?" ndinafunsa.

Apa ndi pamene nkhope yake inasintha. Anayang'ana pansi, n'kuyamba kukankha utuchi ndi nsapato.

"Pita ukawaone," anatero. "Ine ndimati ndikuuza Loweruka likubwerali. Zinthu zinangothamanga."

"Zinthu zanji?"

"Pita, chemwali."

Kunyumba kwake ndi mtunda wa mphindi khumi wapansi. Ndinathamanga theka lake, ine amene masitepe a kwanga omwe amandithetsa mpweya. Alamu ndinawapeza panja akuyanika mashiti a pabedi, atatu pa chingwe, ena ali m'beseni. Atandiona sanasiye ntchito.

"Ee, abwana afika," anatero, chopanira zovala chili pakamwa. "Mwamva kuti zavuta ndiye mwabwera kudzaona zotsala?"

"Alamu, ndikufuna kuona bambo."

"Lero? Ine ndikuchapa zimenezi kawiri patsiku, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni, mwana wawo wobereka ali phee mu ofesi, akuti watopa ndi makani a banja lino. Si mmene munanenera? Chipatala chonse chinamva. Bwererani mukapume, mwatopa."

"Anandiuza kuti ndisabwere."

"Ndani?"

Ndinatulutsanso foni. Chala changa chinali chitazolowera tsopano. Alamu anamvetsera, shiti yonyowa ili paphewa, madzi akudontha pa diresi. Mawuwo asanathe anachotsa chopanira pakamwa.

"Zimenezi mwazitenga kuti? Awa ndi mawu a chaka chatha. Ndinalipo pamene anafika, amuna anga anaponya foni kukhoma mpaka galasi linasweka."

"Ananditumizira tsiku limene bambo anagona muno koyamba. Anati ndimvere zimene anena bambo."

Alamu anakhala pansi pa beseni lovundikira. Kenako anatukwana mwamuna wawo ndi mawu amene sindingawataipe ngakhale kukhoti.

"Kwa ine ankati mwakana," anatero. "Ankati mumadula foni akangotchula bambo. Ine ndinakhulupirira, nanga si ndinakumvani ndekha kuchipatala kuja? Ndakutukwanani mumtima milungu yonseyi, alamu, ndipo sindinena kuti zonse ndabweza. Mukanabwera ngakhale kamodzi, ngakhale kudzaima pa geti."

Ndinafunsa za bambo.

"Anayamba kupeza bwino," anatero. "Mlungu wachitatu lilime linamasuka pang'ono. Maso okha ndiwo anafooka, ankangoona zithunzithunzi. Chitseko chikangolira ankadzutsa mutu n'kufunsa kuti, 'Ndiwe?' Ine ndinkayankha kuti ndine. Amuna anga ndine. Nesi wobwera kudzawaongola mkono ndine. Iwo ankangobweza mutu pa pilo. Ndinachedwa kuzindikira kuti iwe amene akumufunsayo ndi mmodzi yekha. Ndinawauza amuna anga kuti akakugwireni pamkono, akubweretseni ngakhale mukukana. Ankati mawa."

"Ndiye pano?"

"Lachinayi lapitali sitiroko inawagwiranso. Tinathamangira nawo kuchipatala, anatibweza Lolemba. Kulankhula akulankhula, koma mutu wasokonekera. Lowani muone nokha. Musawakwezere mawu."

Chipindacho chinali chaching'ono, chaukhondo, chonunkha sopo ndi mankhwala opaka. Alamu anali atawasamaliradi, ndipo zimenezo ndidzazinena kulikonse. Bedi analikankhira pafupi ndi zenera. Pampando panali kapu yokhala ndi kapaipi komwera, ndi tepi yoyezera ya bambo, imene alamu anati amakonda kuigwira. Munthu wogona pabedipo anali theka la bambo anga. Manja aja amene ankanyamula chitseko okha anali pamwamba pa bulangete, oyera, opanda utuchi m'zikhadabo.

Chitseko chinalira nditachikankha. Ndinaima pomwepo kudikira funso lija. Ndinali nditakonza kale yankho m'kamwa.

Sanafunse. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ndi maso aulemu, amene ankayang'ana nawo makasitomala.

"Lowani, amayi," anatero, mawu akukoka mbali imodzi. "Khalani. Pepani, mwandipeza ndagona."

Zaka makumi anayi ndi chimodzi bambo ananditchula kuti iwe. Iwe bwera kuno, iwe wadya, iwe usandiyankhe choncho. Ndinkadandaula kuti ngakhale nditakula, ndili ndi ntchito yanga, samandipatsa ulemu. Tsikulo anandipatsa ulemu wonse, ndipo ndikanalolera kuti anditukwane.

Ndinachotsa kapu ndi tepi pampando, n'kukhala. Ndinawagwira dzanja lamanzere, limene likadali ndi mphamvu. Sanalibweze, koma sanandifinye.

"Inu mwachokera kutali?" anafunsa.

"Ayi, pafupi pompa."

"Mwina mwamuona mwana wanga wamkazi. Amagwira ntchito ya makina olembera. Wamakani ngati ine." Anayesa kuseka, mbali imodzi ya pakamwa yokha n'kusuntha. "Anakwiya dzulo kuchipatala. Mukamuona mumuuze kuti nkhani ija yatha. Abwere kuno."

Dzulo lawo linali litaima pamalo amodzi kundidikira, ine ndikuwerenga milungu. Ndinamva alamu akufwenthera kuseri kwa chitseko. Ndinasendera pafupi kuti nkhope yanga ikhale pamene maso awo angaione, n'kuika dzanja lawo patsaya langa.

"Bambo, ndabwera. Ndine."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mofatsa, ngati akuyeza thabwa ndi maso. Kenako anachotsa dzanja lawo mwaulemu, n'kufufuza tepi yawo pabulangete.

"Onse amatero, amayi," anatero. "Aliyense wolowa pakhomopo amati ndine."

Anatembenuzira mutu kuchitseko, n'kupitiriza kudikira.